Mtengo Weniweni wa Wantchito Mmodzi pa Mwezi

 Nkhani yathu ndi ya masamu a ndalama, ndipo popeza manambala a pawailesi akangodutsa m'khutu sabwereranso, tikupemphani kuti amene ali ndi cholembera pafupi achitenge, pakuti tiyenda pang'onopang'ono ndi kuwerengera limodzi.

Munthu wamalonda akaona kuti makasitomala achuluka, kuti katundu akufika pamene iye ali kubanki, ndiponso kuti msana wayamba kukana kunyamula makatoni, amaganiza zolemba wantchito, ndipo funso loyamba limene amadzifunsa ndi lakuti, kodi ndidzam'patsa zingati pa mwezi? Funsoli ndi labwino, koma si lokwanira, chifukwa ndalama imene wantchito alandira m'manja, ndalama imene yalembedwa m'kalata ya pangano, ndi ndalama imene ituluka m'thumba la bwana chifukwa cha wantchito ameneyo, ndi ndalama zitatu zosiyana, ndipo yachitatuyo ndiyo yaikulu koposa. Wantchito ali ngati chinangwa m'munda: chooneka ndi maso ndi masamba, koma kulemera kwake kuli pansi pa nthaka. Akuluakulu anati walira mvula walira matope, ndipo wolemba munthu ntchito m'dziko la Zambia walembanso NAPSA, NHIMA, ZRA ndi bungwe la chipukutamisozi cha ovulala pantchito, ngakhale mayina amenewa sanatchulidwe tsiku lija anagwirana chanza pakhomo la sitolo.

Tiyerekeze mayi wina amene ali ndi sitolo ya holoselo pafupi ndi City Market, wogulitsa sopo, shuga, mafuta ophikira ndi makandulo, amene akufuna kulemba mnyamata wolongedza katundu pa kontirakiti ya zaka ziwiri. Mayiyu ndi woopa Mulungu ndi lamulo, koma malonda ake ndi a phindu lochepa, choncho wasankha kulipira malipiro otsikitsitsa amene boma lilola. Malinga ndi malamulo amene anayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2024, wantchito wa m'sitolo wa gawo lotsikitsitsa, monga wolongedza katundu kapena mlonda, ayenera kulandira malipiro oyambira, amene anthu amangoti besiki, okwana K1,487 pa mwezi. Pamwamba pa besikiyo pali alawansi ya nyumba, imene ndi 30 peresenti ya besiki ngati bwana sanam'patse wantchitoyo pogona, ndiyo K446.10. Palinso alawansi ya thiransipoti, K200, kwa wantchito wokhala kutali kopitirira makilomita atatu amene bwana sam'nyamula, ndipo pali ya chakudya cha masana, K180, ngati bwana sapereka chakudyacho kwaulere. Tikaphatikiza zinayi zimenezi tipeza K2,313.10. Nambala imeneyi ilembeni ndi kuitsekera mzere, pakuti ndiyo malipiro onse, amene a maofesi amati girosi, ndipo zambiri zimene zikubwera zidzawerengedwa kuchokera pa iyo. Boma limasintha manambala amenewa patapita zaka, monga linasinthira kuchoka pa K1,698.60 ya mu 2018, motero wolemba munthu lero afunse ku ofesi ya Unduna wa za Ntchito malipiro amene alipo. Koma njira yowerengera sisintha.

Onani kale apa kuti mayi uja, amene mwina anamva kwa mnzake kuti besiki ndi K1,487 nayamba kuwerengera pa imeneyo, wasemphana ndi choonadi ndi K826 yathunthu asanafike n'komwe ku mabungwe a boma.

Tsopano tilowe ku zopereka, ndipo choyamba ndi cha penshoni. Bungwe la NAPSA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1996 nayamba ntchito mu 2000 polowa m'malo mwa thumba lakale la Zambia National Provident Fund, limalandira 10 peresenti ya malipiro onse a wantchito mwezi uliwonse, ndipo 10 peresentiyo imagawidwa pakati ndi pakati: 5 peresenti idulidwa pa malipiro a wantchito, 5 peresenti inayo aonjezera bwana kuchokera m'thumba lake. Kwa mnyamata wathu, 5 peresenti ya K2,313.10 ndi K115.66. Ndiye kuti ku NAPSA kudzapita K115.66 kawiri, koma pa ziwirizo imodzi yokha ndiyo mtolo watsopano wa bwana, pakuti inayo ili kale m'kati mwa girosi ija. Apa ndi pamene ambiri amapunthwa, ena kumanzere, ena kumanja. Alipo amene amawerengera 10 peresenti yonse pamwamba pa malipiro, nadziopseza okha ndi mtengo umene kulibe. Ndipo alipo ena, amene kulakwa kwao n'kwakukulu, odula 10 peresenti yonse pa malipiro a wantchito, ngati kuti gawo la bwana nalonso ndi la mnyamatayo. Kutero ndiko kum'bera munthu wosauka K115.66 mwezi ndi mwezi, ndipo lamulo sililola.

Chachiwiri ndi inshulansi ya zaumoyo, ya bungwe la NHIMA, imene lamulo lake ndi la mu 2018 ndipo zopereka zinayamba mu 2019. Kumeneku wantchito apereka 1 peresenti, bwana 1 peresenti, koma chonde mvetsetsani kuti peresenti imeneyi iwerengedwa pa besiki, osati pa girosi. Tsono 1 peresenti ya K1,487 ndi K14.87, ndipo imeneyi ndiyo gawo la bwana. Ndalamayo ndi yochepa, koma kusiyana kwa powerengera kumeneku, NAPSA pa malipiro onse, NHIMA pa besiki pokha, n'kumene kumachititsa kuti mabuku a masitolo ambiri asagwirizane ndi a mabungwewo.

Chachitatu ndi msonkho wotukulira maluso, umene pa mafomu a ZRA ulembedwa Skills Development Levy, ndipo unayamba mu Januwale 2017 kuti uthandize maphunziro a ntchito zamanja. Umenewu ndi theka la peresenti imodzi ya malipiro onse, ndipo ndi wa bwana yekha. Kuudula kwa wantchito n'kuphwanya lamulo. Kwa mnyamata wathu ukwana K11.57. Pokhazikitsa msonkhowu boma linapatula amalonda amene zogulitsa zao zonse pa chaka sizifika K800,000, choncho mayi wa tebulo limodzi m'kati mwa msika sukum'khudza, koma holoselo ya mayi wathu, imene imagulitsa koposa pamenepo, iyenera kuulipira.

Tiime kaye tiphatikize. Girosi K2,313.10, NAPSA ya bwana K115.66, NHIMA ya bwana K14.87, msonkho wa maluso K11.57: zonse pamodzi K2,455.20. Imeneyi ndiyo ndalama imene iyenera kutuluka m'sitolo chifukwa cha mwezi umodzi wa mnyamatayu, ina pa tsiku la malipiro, ina lisanapitirire tsiku la 10 la mwezi wotsatira, limene ndilo malire a kulipira ku mabungwe amenewa.

Pali njira yodziyesera ngati mwawerenga bwino, ndipo ndikufuna kuti aliyense wosunga mabuku aizolowere, chifukwa imagwira cholakwa chisanakule. Werengani ndalama yomweyo kuchokera mbali ina, poona kumene ikupita. Mnyamata, atam'dula K115.66 ya NAPSA ndi K14.87 ya NHIMA, atenga kunyumba K2,182.57. Ku NAPSA kupita magawo awiri, K231.32. Ku NHIMA kupita magawo awiri, K29.74. Ku ZRA kupita K11.57. Mukaphatikiza zinayizi muyenera kupezanso K2,455.20, osachepa ngwee, osapitirira ngwee. Ngati manambala awiriwa asiyana, dziwani kuti penapake mwawerenga gawo la wantchito kawiri, kapena mwaiwala gawo la bwana, kapena mwaika peresenti ya NHIMA pa girosi.

Wina afunsa kuti, nanga msonkho wa pa malipiro, uja wa PAYE, uli kuti? Yankho lili pawiri. Poyamba, kuyambira mu 2024 K5,100 yoyamba ya malipiro a mwezi ilibe msonkho, choncho mnyamata wathu sukum'fika. Kachiwiri, ngakhale ukanam'fika, sukanakhala mtolo wa bwana, pakuti msonkho umenewu ndi wa wantchito, ndipo bwana ndi mthenga chabe woudula ndi kuupereka ku ZRA. Wosunga kaundula wa katundu amene alandira K8,000, mwachitsanzo, adulidwa 20 peresenti pa K2,000 ya pakati pa K5,100 ndi K7,100, ndi 30 peresenti pa K900 yotsalayo, ndiyo K670 yonse, koma bwana wake atulutsabe K8,000 yomweyo, kungoti igawika panjira. Msonkhowu usanduka mtolo wa bwana pokhapokha iye atalonjeza ndalama ya m'manja. Bwana akati, ndidzakupatsa K2,500 yoyera, yosadulidwa kanthu, wasenza yekha zodulidwa zonse za wantchitoyo, ndipo kwa mnyamata wa besiki ya K1,487 girosi iyenera kukwera kufika pafupifupi K2,647 kuti m'manja mutsale K2,500, ndipo NAPSA ya bwana ndi msonkho wa maluso zikwera nayo. Pangano lililonse linene poyera kuti nambala yotchulidwayo ndi ya ndalama isanadulidwe kapena itadulidwa, pakuti milandu yambiri ya pakati pa bwana ndi wantchito imabadwira pa mawu amenewa.

Chachinayi ndi chipukutamisozi cha ovulala pantchito. Bungwe la Workers' Compensation Fund Control Board, limene likulu lake lili ku Ndola ndipo limayenda pa lamulo la mu 1999, limasonkhetsa olemba anthu ntchito okha, osati antchito, ndipo limawerengera pa chaka, molingana ndi kuopsa kwa ntchitoyo, kotero kuti sitolo ya sopo silipira mofanana ndi mgodi kapena kampani yomanga nyumba. Nambala yeniyeni ili pa kalata imene bungweli limatumiza kwa bwana aliyense wolembetsa. Chofunika kwa ife n'chakuti ndalama yolipidwa kamodzi pa chaka iyenera kugawidwa pa miyezi 12 ndi kulowa m'mtengo wa mwezi. Tingoyerekeza kuti gawo la mnyamata wathu pa kalatayo ndi K600 pa chaka. Ndiye K50 pa mwezi, ndipo chiwerengero chathu chafika pa K2,505.20. Munthu wonyamula makatoni a mafuta kuchokera pa lole pakati pa magalimoto a msewu wa Lumumba angathe kuthyoka mwendo tsiku lililonse, ndipo bwana wosalembetsa adzapeza kuti mlandu wonse wagwera pamutu pake.

Tafika tsopano pa gawo limene ndikufuna kukhalitsapo, chifukwa ndilo limene lagwetsa masitolo amene ankaoneka olimba. Zonse tatchulazi zimaitana zokha, zili ndi tsiku lake ndi fomu yake, koma pali ngongole zina zimene zimakula mwakachetechete, popanda kalata kapena wogogoda pakhomo, kufikira tsiku limene wantchito atsazika.

Yoyamba ndi galatuwite, ndalama yothokozera pa kutha kwa kontirakiti. Lamulo la za ntchito la mu 2019, lotchedwa Employment Code Act, linalamula kuti wantchito wa kontirakiti ya nthawi yoikika yopitirira chaka alandire pa mapeto pake ndalama yosachepera 25 peresenti ya besiki yonse ya nthawi imene wagwira. Pa besiki ya K1,487, ndiye kuti mwezi uliwonse umene mnyamatayu agwira ntchito, bwana akongola kwa iye K371.75. Ndalama imeneyi ndi yaikulu kuposa NAPSA, NHIMA, msonkho wa maluso ndi chipukutamisozi zonse pamodzi, komabe ndiyo imene ambiri sailemba, popeza palibe amene aifunsa pa tsiku la 10. Pakutha kwa zaka ziwiri idzakhala itafika pa K8,922, ndipo ngati antchito ali atatu amene makontirakiti ao athera mwezi umodzi, mayi wathu adzafunika ndalama yopitirira K26,000 pa nthawi imodzi, imene mwina adzaipeza pokhapokha atagulitsa katundu motchipa kapena kupita kwa akatapila. Kodi pamenepo tinganene kuti antchito am'chitira nkhanza? Iyayi, ngongoleyo inali yake chiyambire mwezi woyamba, koma iye sanaione. Wina angati, ine ndidzam'lemba ntchito yokhazikika, yopanda malire a nthawi. Ameneyo adziwe kuti tsiku limene malonda adzavuta nafuna kuchepetsa antchito, lamulo lomwelo lidzafuna besiki ya miyezi iwiri pa chaka chilichonse chimene munthuyo wagwira, ndiyo pafupifupi K248 pa mwezi kwa mnyamata wathu. Njira zonse ziwiri zili ndi mtolo wake, ndipo wanzeru amaupatula mwezi ndi mwezi, nausunga pa akaunti ina imene saigwira poodera katundu.

Ngongole yachiwiri yachete ndi tchuthi. Wantchito amapata masiku awiri a livi yolipidwa pa mwezi uliwonse, ndiwo masiku 24 pa chaka, ndipo mtengo wa tsiku limodzi upezeka pogawa malipiro onse a mwezi ndi 26. Kwa mnyamata wathu tsiku limodzi ndi pafupifupi K89, masiku awiri K177.93. Pano tinene zoona zonse, pakuti nkhaniyi ili ndi malire ake: ngati mnyamatayo apita kutchuthi ndipo mwini sitolo ndi ana ake agwira okha ntchitoyo, palibe ndalama yatsopano imene ituluka, popeza malipiro a mwezi umenewo tinawawerenga kale. Koma ngati alemba waganyu wogwirizira malo, kapena ngati masikuwo aunjikana osatengedwa mpaka adzalipidwe ndi ndalama, pamenepo K177.93 ija ndi yeniyeni. Ndipo m'masitolo a m'tauni muno, mmene ntchito ilibe nyengo yopuma, chochitika kawirikawiri n'chachiwirichi, motero ine ndimaiwerengera.

Tiphatikize komaliza. Tinali pa K2,505.20, tionjeze galatuwite K371.75 ndi livi K177.93, ndipo tipeza K3,054.88, tingoti K3,055. Mnyamata amene besiki yake ndi K1,487, amene girosi yake ndi K2,313.10, amene amatenga kunyumba K2,182.57, amadya m'sitolo K3,055 pa mwezi, ndiko kuti kuwirikiza kawiri besiki yake ndi kupitirirako pang'ono, kapena gawo limodzi mwa magawo atatu pamwamba pa girosi. Ndipo sitinawerengere ovataimu, imene ilipidwa kamodzi ndi theka pa maola opitirira a sabata ndi kawiri pa masiku a tchuthi cha boma. Sitinawerengere ovolosi ndi magambuti. Ndipo akanakhala mtsikana tikanakumbukiranso masabata 14 a tchuthi cha uchembere. Zimenezi sizibwera mofanana mwezi uliwonse, koma amene wachita malonda chaka chimodzi angathe kuona m'buku lake zimene zinatuluka, n'kugawa ndi 12.

Inu a ku Woodlands ndi ku Kabulonga amene muli ndi antchito a pakhomo, lamulo lanu ndi lina, ndipo malipiro otsikitsitsa a wantchito wa m'nyumba anaikidwa pa K1,300 kuyambira Januwale 2024 yemweyo, koma musaganize kuti mpanda wa nyumba ukubisani kwa NAPSA, pakuti wantchito wa pakhomo naye ayenera kulembetsedwa. Ndipo inu a maofesi olemba anthu a malipiro akuluakulu, dziwani kuti NAPSA ili ndi denga limene limasinthidwa chaka ndi chaka. Mu 2025 gawo la bwana silinapitirire K1,708.20 pa mwezi ngakhale malipiro atakwera motani, kotero kuti wowerengera 5 peresenti pa malipiro a K40,000 walipira mopitirira. Msonkho wa maluso ndi galatuwite zilibe denga lotere.

Pali chinthu china chimene sindingachisiye, ngakhale n'chowawa. Bwana akadula K115.66 pa malipiro a wantchito, ndalama imeneyo si yakenso. Waisungira mwini wake kwa masiku owerengeka, ndipo kuigwiritsa ntchito poodera shuga, poganiza kuti adzabweza malonda akayenda, n'kudya za mwini. NAPSA imaika chilango pa zopereka zochedwa, chowerengedwa mwezi ndi mwezi, chimene kale chinali 20 peresenti chisanatsitsidwe kufika pa 10 peresenti, ndipo ngongole ya chaka chimodzi ingathe kubala chilango cholemera ngati ngongoleyo. Koma choopsa koposa chilango ndi munthu amene adzapita ku ofesi ya NAPSA ku Levy Business Park atakalamba, kapena mkazi wake wamasiye, n'kuuzidwa kuti miyezi imene anadulidwa ndalama sinalembedwe. Antchito amene mukumva, pemphani sitetimenti yanu ku NAPSA ndi kuiyerekeza ndi mapepala anu a malipiro. Safunsa anadya phula.

Tibwerere kwa mayi wa holoselo, pakuti nambala ija ya K3,055 ili ndi ntchito imodzi yotsala. Wantchito salipidwa kuchokera pa ndalama zonse zolowa m'kabati, koma kuchokera pa phindu lotsala mutachotsa mtengo woodera. Ngati pa K100 iliyonse ya katundu wogulitsidwa mayiyu atsala ndi K20, ndiye kuti ayenera kugulitsa katundu wa K15,275 pa mwezi, pafupifupi K590 tsiku lililonse pa masiku 26 a malonda, kuti alipire mnyamata yekhayo, lendi ndi magetsi zisanalowepo. Ngati phindu lake ndi K10 pa K100, monga zimakhalira pa katundu wina wa holoselo amene amayenda msanga koma ndi phindu lopyapyala, nambalayo iwirikiza kawiri kufika pa K30,550 pa mwezi. Tsono asanaitane mnyamatayo, atsegule buku la malonda a miyezi isanu ndi umodzi yapitayi, aone mwezi umene malonda anali oipa koposa, monga amakhalira Januwale anthu atalipira masukulu, ndipo adzifunse ngati kubwera kwa wantchitoyo kudzaonjezera malonda okwana pamenepo, kapena ngati phindu la mwezi woipawo lingathe kusenza K3,055 palokha. Ngati lingathe, alembe pangano papepala, lotchula besiki ndi alawansi iliyonse payokhapayokha, am'lembetse mnyamatayo ku NAPSA ndi ku NHIMA m'mwezi woyamba womwewo, ndipo pa tsiku la malipiro apatule K550 ya galatuwite ndi livi asanaodere katoni ina ya sopo.